Za Nkhalamba Zotsala Zokha m'Makomboni a Blantyre

Abale athu a kumidzi, ife tonse tidziwa mbiri ya machona. Kale amuna anali kupita ku Wenela kukakumba m'migodi ya ku Joni, kufikira chaka cha 1974 pamene ndege inagwa ku Francistown, boma niletsa ulendowo. Masiku amenewo otsala anali kutsalira pakati pa mbumba yawo. Koma lero ana amuna ndi aakazi omwe akwera basi kunka ku Joni, nasiya makolo ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Chilomoni, kumene kulibe mbumba.

Tiyerekeze ndi mayi wamasiye wa ku Ndirande. Anachoka ku Mulanje ali mtsikana, kutsata mwamuna wake amene anapeza ntchito m'fakitale ku Makata. Tsopano mwamunayo anagona, mwana wina ali ku Joni, wina ku Lilongwe. Ndalama zifika ndithu pa lamya mwezi ndi mwezi, koma ndalama sizitunga madzi, ndiponso sizifunsa munthu m'mene wadzukira. Oyandikana naye ndiwo alendi, amene asamuka asanadziwe ndi dzina lake lomwe. Kumudzi sangabwerere, pakuti munda wake analima ena kalekale.

Kodi tidzazindikira bwanji kuti kusungulumwa kwamdwalitsa? Taonani mbaula: ikakhala yozizira dzuwa lili pamutu, ndiko kuti waleka kuphika, popeza nsima ya munthu mmodzi siikoma. Taonaninso malo ake m'kachisi: akasoweka masabata awiri, tisati watopa chabe. Akayamba kulankhula yekha, ena afulumira kunena kuti ndi mfiti. Kumeneko ndiko kulakwa kwakukulu, ndipo lamulo la chaka cha 1911 liletsa kutchula munthu mfiti. Kawirikawiri kumakhala kuiwala kwa ukalamba, kapena kusowa womumvera.

Amayi a Mvano ndi Akhristu a m'miphakati achita bwino poyendera otere. Koma pali kuyendera kosathandiza: kudza khamu lalikulu pa Khirisimasi, kuimba, kusiya sopo ndi shuga, ndi kusaonekanso chaka chonse. Ife titi kuposa apo nkutuma anthu awiri okha, omwewo, tsiku lomwelo sabata ndi sabata, kuti mayiyo akhale nalo tsiku loliyembekeza. Akafika adye naye mbale imodzi, aone ngati mankhwala ake alipo, namleke asimbe za kwawo osamdula mawu. Amtumenso ntchito yomuyenera, monga kulangiza atsikana, pakuti munthu amene afunidwa sataya mtima msanga.

Ndipo inu amene muli ndi mbale wotere m'tauni, musayembekeze uthenga wa maliro. Mtumizeni mdzukulu akagone kwa iye pa tchuthi, ndi kathumba ka ufa wa kwawo. Makolo anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ife tionjeza kuti mayi wa mnzako nayenso ngwako.