Ng'ambani yapakatiyo pawiri

Anzanga a Fomu 2, JCE yayandikira, ndiye tamvani za samu ngati 2x² + 7x + 3. Ambiri amathamangira kusaka nambala ziwiri zoti akataimusa apeze 3. Apa njira imeneyo sigwira, chifukwa kutsogolo kwa x² kuli 2.

Ine ndimayamba ndi kutaimusa 2 uja ndi 3, n'kupeza 6. Kenako ndimasaka nambala ziwiri zoti ndikataimusa ndipeze 6, koma ndikaphatikiza ndipeze 7. Nambalazo ndi 6 ndi 1. Basi, 7x uja ndimamung'amba pawiri:

2x² + 6x + x + 3
= 2x(x + 3) + 1(x + 3)
= (2x + 1)(x + 3)

1 ameneyo musamutaye, ambiri malikisi amawathera pamenepo. Mukaona kuti zam'mabulaketi pamzere wachiwiriwo zasiyana, dziwani kuti penapake mwaphonya. Pofuna kutsimikiza, ikani x = 1. Funso likupereka 12, yankho nalo 3 × 4, 12 yemweyo.