36 peresenti ya pa fomu si 36 peresenti ya m'thumba

Abale anga a geni ndi inu madalaivala, ife timakangana ndi wosintha ndalama pa Mwanza kapena pa Beitbridge chifukwa cha kachenje kochepa pa randi imodzi, koma tikafika pa fomu ya ngongole timangoyang'ana nambala imodzi yomwe yalembedwa mokulitsa, n'kusayina. Ine pa zaka zomwe ndakhala ndikukwera basi ya ku Joni ndi mpamba wobwereka, ndinazolowera kufunsa funso lina ndisanagwire cholembera: chiwongola dzanjachi mumachiphatikiza ku ngongole kangati pa chaka? Yankho la funso limeneli ndi lomwe limanena ndalama zenizeni zimene mudzabweze.

Nambala yomwe amalemba pa fomu kawirikawiri imakhala ya mwezi umodzi yochulukitsa ndi 12. Akanena kuti 36 peresenti pa chaka, yophatikiza mwezi ndi mwezi, akutanthauza 3 peresenti mwezi uliwonse. Imeneyo ine ndimaitcha ya papepala. Siwerengera kuti chiwongola dzanja cha mwezi woyamba chikalowa mu ngongole, nachonso chimayamba kubereka chake. Nambala yomwe imawerengera kuberekanaku ndiyo yeniyeni ya pa chaka. Pa apu ya banki kapena pa mapepala a Chingerezi mudzaona mawu akuti `nominal` pa yoyamba ija ndi `effective` pa yachiwiriyi. Pa mapepala a ngongole a ku South Africa nthawi zina amangolemba `NACM`, kutanthauza nambala ya papepala ya pa chaka yophatikiza mwezi ndi mwezi.

Tiyeni tiike ndalama patebulo. Mwabwereka K2,000,000 yoti mukaodere katundu, pa 36 peresenti yophatikiza mwezi ndi mwezi, ndipo mgwirizano ndi woti mudzabweza zonse pamodzi chaka chikatha. Munthu akawerengera m'mutu amati 36 peresenti ya K2,000,000 ndi K720,000, basi. Koma mwezi woyamba chiwongola dzanja ndi K60,000, ndipo ngongole yafika K2,060,000. Mwezi wachiwiri 3 peresenti ija akuitenga pa K2,060,000, ndiye ikutuluka K61,800, ngongole yafika K2,121,800. Mwezi wachitatu ndi K63,654. Pa miyezi yoyambirirayi kusiyanaku sikuoneka, n'chifukwa chake anthu sakulabadira. Pofika mwezi wa 12, chiwongola dzanja cha mwezi umodzi wokhawo chapitirira K83,000. Mukaphatikiza miyezi yonse mupeza K851,522 m'malo mwa K720,000 ija. Pali K131,522 yomwe sinali m'masamu a m'mutu aja, ndipo palibe wakuberani, zonse zili pa fomu yomwe munasayina.

Simufunika kuwerengera mwezi ndi mwezi ngati mmene ndachitiramu. Njira yachidule ndi iyi:

```
(1 + r/n)^n - 1
```

Apa r ndi nambala ya papepala ija yogawa ndi 100, ndiye 36 peresenti mulemba 0.36. Kenako n ndi maulendo omwe amaphatikiza pa chaka: 12 ngati ndi mwezi ndi mwezi, 365 ngati ndi tsiku ndi tsiku. Pa kalikuleta ya pa foni, gawani 0.36 ndi 12 mupeze 0.03, onjezerani 1 akhale 1.03. Tsopano 1.03 ameneyu ayenera kudzichulukitsa yekha ka 12. Mafoni ambiri mukawagoneka cham'mbali amaonetsa batani la `x^y`, lembani 1.03, dinani batanilo, lembani 12. Mupeza 1.4258. Chotsani 1, atsala 0.4258, kutanthauza 42.58 peresenti. Amene muli ndi Excel kapena Google Sheets pa foni, lembani izi m'kabokosi kamodzi, yankho lidzakhala lomwelo:

```
=EFFECT(0.36,12)
```

Ndiye ngongole yomwe ikutchedwa ya 36 peresenti ndi ya 42.58 peresenti. Phindu la kudziwa zimenezi limaoneka mukakhala ndi malo awiri obwerekako. Chaka china ndinali ndi mafomu awiri m'manja. Bungwe lina linkanena 36 peresenti yophatikiza mwezi ndi mwezi, lina linkanena 40 peresenti yowerengera kamodzi pakutha pa chaka. Mnzanga yemwe timakwera naye basi anangoti, "Achemwali, nanga mukuganiziranso chiyani? 36 ndi yochepa kuposa 40." Koma 40 peresenti yowerengera kamodzi pa chaka imakhala 40 yomweyo, K800,000 pa K2,000,000, pamene 36 ija ikutenga K851,522. Nambala yooneka yaikulu ndi yomwe inali yotchipa ndi K51,522, pafupifupi mtengo wa katoni ya katundu wina amene ndimagulitsa. Nambala ziwiri za papepala simungaziyerekeze pokhapokha zonse mutazisandutsa zenizeni za pa chaka.

Nanga akamaphatikiza tsiku ndi tsiku? Mawu amenewa amaopsa anthu kwambiri, ena amaganiza kuti ngongole idzawirikiza kawiri. Masamu ake ndi omwewo, kungoti n akhala 365. Gawani 0.36 ndi 365, mupeza 0.000986 ndi manambala ena otsatira. Apa chonde musadule manambalawo, asiyeni onse mmene kalikuleta yawaonetsera, chifukwa kanthu kakang'ono komwe mwataya kadzachulukitsidwa ka 365. Onjezerani 1, dinani batani lija, lembani 365, chotsani 1. Yankho ndi 43.31 peresenti, pafupifupi K866,150 pa ngongole yathu ija. Kuchoka pa kamodzi pa chaka kufika pa mwezi ndi mwezi kunawonjezera K131,522, koma kuchoka pa mwezi ndi mwezi kufika pa tsiku ndi tsiku kwangowonjezera pafupifupi K14,600. Ngakhale atamaphatikiza ola lililonse, 36 peresenti singadutse 43.33. Choncho ine sindilimbana kwambiri ndi nkhani ya tsiku kapena mwezi. Wobwereketsa wa 35 peresenti ya tsiku ndi tsiku akufika pa 41.88, akadali pansi pa wa 36 ya mwezi ndi mwezi.

Palinso msampha wa mawu pamenepa. Mabanki ambiri amawerengera chiwongola dzanja tsiku lililonse pa ndalama yomwe yatsala, koma amachiphatikiza ku ngongole kamodzi pa mwezi. Kuwerengera ndi kuphatikiza ndi zinthu ziwiri. Ngati chimalowa mu ngongole pakutha pa mwezi, n wanu ndi 12, ngakhale fomu itatchula tsiku ndi tsiku. Funsani kuti chiwongola dzanja cha lero chimayamba liti kubereka, mawa kapena mwezi ukatha.

Chomwe chimakulitsa kusiyana ndi kukula kwa peresenti yeniyeniyo. Pa 12 peresenti, mwezi ndi mwezi imapereka 12.68, tsiku ndi tsiku 12.75, kusiyana koti munthu sangagone nako tulo tosowa mtendere. Koma taonani za katapila. Wina akuti 10 peresenti pa mwezi, ndipo mukalephera kulipira amaiphatikiza. Pa pepala ndi 120 peresenti pa chaka, koma 1.1 kudzichulukitsa ka 12 ndi 3.138, kutanthauza pafupifupi 214 peresenti. Wa 20 peresenti pa mwezi akufika pafupifupi 792 peresenti, K100,000 isanduka K891,600 pa chaka. Onani kuti apa sitinagawe ndi 12, chifukwa nambala yomwe tapatsidwa ndi ya mwezi kale. Ambiri amasokonezeka pomwepa, amagawanso 10 peresenti ija ndi 12 n'kupeza ngongole yooneka yaulere. Chizindikiro choti masamu aphonya n'chosavuta: yankho lanu liyenera kukhala pamwamba pa nambala ya papepala ya pa chaka. Likatsika, mwagawa kawiri. Likatuluka nambala yaitali yodzaza sikirini, mwalemba 3 pamalo pa 0.03. Likakhala 142 peresenti m'malo mwa 42, mwaiwala kuchotsa 1.

Wina anena kuti, ine ndimabwereka kwa masabata atatu okha, kupita ku Joni ndi kubwera, za chaka zikundikhudza bwanji? Akunena zoona ndithu. Pa masiku 21, K2,000,000 pa 36 peresenti ikubala K41,425 popanda kuphatikiza, ndipo K41,836 akamaphatikiza tsiku ndi tsiku. Kusiyana kwa K411 sikukwanira ndi chakudya cha panjira. Kuberekana kumafuna nthawi. Koma tonse tikudziwa mmene masabata atatu amatalikira: thiraki yaima pa boda mapepala sanakwane, katundu wafika koma makasitomala atenga pa ngongole ya mwezi ukatha, kapena ulendo uno mwabweza n'kubwerekanso tsiku lomwelo pamodzi ndi chiwongola dzanja chake. Amene amatembenuza ngongole chonchi chaka chonse akulipira nambala yeniyeni ija, ngakhale sanasayinepo ngongole ya chaka.

Ndipo ngati mumalipira chiwongola dzanja chonse mwezi uliwonse, K60,000 osaphonya, ngongole siikula ndipo pa chaka mutulutsa K720,000 yokha. Komabe poyerekeza ndi ngongole ina gwiritsani ntchito 42.58, chifukwa K60,000 yomwe yatuluka mu Januwale ikanakhala ikuzungulira mu geni mpaka Disembala.

Njira imeneyi ili ndi malire ake, ndipo ndi bwino kuwadziwa. Siiona ndalama zolembetsera ngongole, inshuwalansi, kapena zomwe amadula asanakupatseni ndalama m'manja. Siigwiranso pa ngongole zija zomwe amawerengera chiwongola dzanja pa ndalama yonse yoyamba pamene inu mukubweza pang'onopang'ono. Mwachitsanzo, atenga K720,000 n'kuiphatikiza ku K2,000,000, agawa ndi 12, akuti muzilipira K226,667 pa mwezi. Fomu ikunenabe 36 peresenti, koma pofika pakati pa chaka theka la mpamba mwabweza kale ndipo mukulipirabe ngati muli ndi yonse. Ngongole yotere mtengo wake ndi woposa pang'ono 5 peresenti pa mwezi, zomwe pa chaka zimafika cha m'ma 81 peresenti. Mukaika 0.36 ndi 12 mu njira ija mupeza 42.58 n'kudzinamiza. Pa ngongole zobweza mwezi ndi mwezi ine ndimapempha pepala loonetsa malipiro onse, ndipo ndimayang'ana mzere wa chiwongola dzanja: ukamatsika mwezi ndi mwezi ndiye kuti akuwerengera pa zotsala, ukakhala K60,000 kuyambira pamwamba mpaka pansi ndiye kuti akuwerengera pa ndalama yoyamba ija.