Kapu imanama, sikelo sinama

Ntchito yanga ndi kusakaniza ufa wa phala. Ndimagula chimanga ndi soya, ndimasankha, ndimakazinga soya mpaka fungo la uwisi litachoka, ndimakagayitsa, kenako ndimasakaniza n'kuika m'mapaketi. Ondigula ambiri ndi amayi a ana oyamba kudya phala, ndiponso anthu ochepa a matenda a shuga amene achipatala anawauza kuti aziwerengera chimene akudya. Pa paketi iliyonse ndimalembapo kuchuluka kwa mapuloteni, makabohaidireti ndi mafuta m'magalamu 100 a ufawo. Manambalawo ndi lonjezo langa kwa mayi amene sanalipo pamene ndinkasakaniza, ndipo panali nthawi imene lonjezolo linali labodza ine osadziwa.

Ndinkadziwa kuti ufa wa mtundu wa Likuni Phala umakhala magawo anayi a chimanga ndi gawo limodzi la soya, kapena kuti 80 ndi 20 pa 100 alionse. Choncho ndinkatapa makapu anayi a mgaiwa ndi kapu imodzi ya ufa wa soya, mtima uli m'malo. Tsiku lina mnzanga amene anaphunzira za kadyedwe anabwera kudzacheza ndi kasikelo ka batire m'chikwama. Anandiyang'ana ndikutapa, n'kunena kuti, "Achemwali, tandipatseni kapuyo." Anaika mbale pasikelo, anadina batani lolembedwa `TARE` kuti kulemera kwa mbale kufufutike, n'kuthira kapu ya mgaiwa. Inalemera magalamu 120. Atathira kapu ya soya, kapu yomweyo, yodzaza chimodzimodzi, sikelo inaima pa 85.

Ufa wa soya wosachotsa mafuta ndi wopepuka, umakhala wofufuma ngati thonje, ndipo pakati pa timibulu take pamakhala mpweya wambiri. Mgaiwa umakhazikika n'kudzaza mipata. Kapu imangoyeza malo amene ufa watenga, mpweyawo n'kuuwerengera pamodzi. Magawo anayi ndi limodzi aja anali a kulemera, ine n'kumawayeza ndi kapu.

Tinakhala pamkeka n'kuwerenga. Makapu anayi a mgaiwa ndi magalamu 480, kapu ya soya 85, zonse pamodzi 565. Soya wa magalamu 85 mu 565 ndi magawo 15 okha pa 100, osati 20. Mabuku a chakudya amati mgaiwa uli ndi mapuloteni pafupifupi magalamu 8 pa 100 alionse, pomwe ufa wa soya wokazinga uli ndi pafupifupi 35. Masamu ake ndi amodzi nthawi zonse:

```
magalamu a ufa × nambala ya m'buku ÷ 100
```

Mgaiwa wa 480 unatipatsa mapuloteni 38, soya wa 85 unatipatsa 30, pamodzi 68. Tikagawa 68 ndi 565 n'kuchulukitsa ndi 100 tipeza kuti m'magalamu 100 a ufa wanga munali mapuloteni 12. Papaketi ndinali nditalemba 13.4, yomwe ndi nambala yolondola ya ufa wosakaniza 80 ndi 20 pa sikelo. Wina anganene kuti kusiyanako n'kochepa. Koma mwana amene amadya phala kawiri patsiku kwa miyezi ingapo amalandira zochepa tsiku lililonse, mayi ake atalipira zokwanira. Usiku umenewo sindinagone bwino. Kuti ndifike pa 20 ndinafunika soya wa magalamu 120 pa mgaiwa wa 480, ndiye kuti pafupifupi kapu ndi theka.

Kuchokera tsiku limenelo dongosolo langa linasintha. Chilichonse chimayamba chasanduka magalamu, masamu a zakudya n'kubwera pambuyo, chifukwa mabuku onse amene ndimagwiritsa ntchito, la zakudya za kuno kwathu lomwe linatuluka mu 2019 ngakhalenso la dipatimenti ya zaulimi ya ku Amereka, amapereka manambala awo pa magalamu 100.

Vuto limabwera pamene munthu wandibweretsera kaphikidwe kolembedwa m'makapu, ndipo ambiri amatero, makamaka amene ali ndi abale kunja. Funso langa loyamba limakhala lakuti kapuyo ndi ya kuti. Kapu ya m'mabuku a zophika a ku Amereka ndi mamililita 237, ngakhale pa mapaketi a zakudya kumeneko amaiwerengera 240. Ku Australia kapu ndi 250, ndipo makapu oyezera ambiri ogulitsidwa m'masitolo kuno ndi a 250 omwewo. Kapu ya tiyi ya m'nyumba ilibe lamulo. Yanga ndinaiyeza pothiramo madzi mpaka pakamwa ndili nditaika pasikelo, chifukwa mililita imodzi ya madzi imalemera galamu imodzi, ndipo inatuluka 240. Madzi okha ndiwo ali ndi mwayi umenewo. Amene amati kapu ya 250 ndiye kuti ufa wa magalamu 250 amachulukitsa ufa wake kawiri papepala.

Ngakhale kapu itadziwika, dzanja limasinthanso zinthu. Ufa wa tirigu ukauvundula kaye, n'kuuthira m'kapu ndi supuni pang'onopang'ono, n'kusalaza pamwamba ndi msana wa mpeni, umalemera magalamu 120 mpaka 125. Ukangomiza kapu m'thumba n'kutapa, ufawo umatsindirika ndipo umafika 140 kapena 150. Kungogogoda kapu patebulo kawiri, umaona ndi maso ufa ukutsika, pamwamba n'kutsala mpata wa chala. Pa ufa wa tirigu, umene uli ndi makabohaidireti 76 pa 100, kusiyana kwa magalamu 25 kumabweretsa makabohaidireti 19 osawerengedwa pa kapu iliyonse. Kwa munthu wa shuga imeneyo si nkhani yaing'ono.

Ufa wa chimanga ndiye sindidalira buku konse pa kulemera kwa kapu. Wochokera kuchigayo chimodzi umakhala wosalala, wa chigayo china wa mseche, malinga ndi sefa imene aika. Ufa woyera, wa mphale yonyika, sukhala m'kapu ngati mgaiwa. Wongobwera kumene kuchigayo umakhala wofufuma, wogona m'thumba sabata ziwiri umakhala utatsindirika. Ndiye thumba latsopano likabwera ndimayeza kapu katatu, kuphatikiza n'kugawa patatu, n'kulemba nambalayo m'kope limodzi ndi tsiku lake. Zoyeza zitatuzo zikasiyana ndi magalamu oposa 5, ndimadziwa kuti dzanja langa silikutapa mofanana, ndipo ndimayambiranso. Posankha mzere wa m'buku ndimasamalanso kuti mgaiwa ndiuwerengere ngati mgaiwa. Ufa wokonola wataya madeya ndi mtima wa njere, mmene mumakhala mafuta ambiri a chimanga, choncho manambala ake ndi ena.

Supuni yaikulu, imene m'mabuku amailemba `tbsp`, ndi mamililita 15, kupatula ku Australia kumene ndi 20. Yaing'ono, `tsp`, ndi 5. M'kapu ya ku Amereka mumalowa masupuni aakulu 16, choncho ukadziwa kulemera kwa kapu umangogawa ndi 16: ufa wa tirigu umatuluka pafupifupi magalamu 8 pa supuni, wa soya 5. Koma imeneyo ndi supuni yosalaza. Ife kukhitchini timatapa ya phiri, ndipo phirilo limatha kulemera ngati supuni ina yathunthu. Pa mgaiwa sindidandaula kwambiri. Pa nsinjiro ndimadandaula, chifukwa pafupifupi theka la kulemera kwa mtedza ndi mafuta, ndipo galamu ya mafuta imapereka makalori 9 pamene ya puloteni kapena kabohaidireti imapereka 4.

Aunsi ndiyo inandipunthwitsa kachiwiri. Mayi wina anabwera ndi pepala la mwana wake wa ku Amereka lolembedwa kuti ufa `8 oz`, ndipo iye anali atamva kuti maaunsi 8 ndi kapu imodzi. Zoona zake n'zakuti maaunsi alipo awiri. Ina ndi ya kulemera, ndipo ndi magalamu 28.35. Ina ndi ya zamadzimadzi, yolembedwa `fl oz`, pafupifupi mamililita 30, ndipo imeneyi ndiyo imakwana 8 m'kapu. Ufa ukalembedwa `8 oz` amatanthauza kulemera: magalamu 227, omwe ndi pafupifupi makapu awiri. Mayiyo ankathira kapu imodzi, magalamu 120, buledi wake n'kumatuluka wa phalaphala. Ndikanawerengera kapu imodzi ngati iye, manambala onse akanatsika ndi theka. Tsopano ndikaona aunsi pa chinthu chouma ndimachulukitsa ndi 28.35 osayang'ananso kapu.

Pa mpunga msampha uli pa funso lakuti ndi wouma kapena wophika. Kapu ya mpunga woyera wosaphika imalemera pafupifupi magalamu 185, ndipo pa 100 alionse muli makabohaidireti 80, ndiye kuti 148 m'kapumo. Ukaphika umamwa madzi n'kufufuma mpaka makapu pafupifupi atatu. Kapu ya wophika imalemera magalamu 158, koma pa 100 muli makabohaidireti 28 okha, ndiye kuti 44. Bambo wina wa shuga anandionetsa kope lake mmene anali atayeza mpunga wa m'mbale, wophika, n'kuuwerengera ndi nambala ya wouma. Anapeza 126 m'malo mwa 44, ndipo ankadzimana chakudya ndi mantha. Kwa amene amabaya insulini molingana ndi zimene wadya, kulakwitsa kotere n'koopsa, ndipo ndinawapempha kuti akaonetse kopelo kwa adokotala awo tsiku lomwelo. Phala ndi nsima ndiye sindiziyeza zitapsa ayi, chifukwa aliyense amathira madzi ake. Ndimayeza ufa usanalowe mumphika, n'kugawa ndi chiwerengero cha odya.

Ndikamaliza masamu ndimadziyesa ndekha m'njira ziwiri. Yoyamba, mapuloteni, makabohaidireti ndi mafuta ndikaziphatikiza siziyenera kuposa kulemera kwa ufawo. Pa ufa wouma zimakwana pafupifupi magawo 9 pa 10, chotsalacho n'chinyezi ndi mchere wa m'chakudya. Mu ufa wanga wakale uja munali mapuloteni 68, makabohaidireti 399 ndi mafuta 36, zonse 503 mu 565, zomwe zikumveka. Yachiwiri, ndimachulukitsa mapuloteni ndi 4, makabohaidireti ndi 4, mafuta ndi 9, n'kupeza makalori 2,192, pamene manambala a m'buku amapereka pafupifupi 2,110. Kusiyana kochepa kotere ndimakuyembekezera, chifukwa mbali ina ya makabohaidireti ndi gaga amene thupi siligaya. Koma manambala awiriwo akasiyana ndi theka, ndimabwerera m'mbuyo kukafuna pamene kapu yalowa m'malo mwa galamu.

Sikelo nayo imafuna kuyang'aniridwa. Ili ndi batani losintha pakati pa `g` ndi `oz`, ndipo mwana akalidina umangoona manambala achilendo. Batire ikafooka manambala amavinavina. M'mawa uliwonse ndisanatsegule thumba ndimathira madzi m'kapu yanga ija mpaka pakamwa, ndipo sikelo ikaima pa 240 ndimayamba ndi soya.