Kalata kwa Tadala: za mankhwala amene udzagule wekha

Mwana wanga Tadala,

Za ndalama ndi za anzako mayi ako akuuza kale, ndipo ine sindibwereza. Ndikulembera za mankhwala, ntchito imene ndinagwira pa windo la chipatala mpaka kupuma. Kuno ukadwala, amene ndimayang'ana chomwe ukumwa ndine. Ku Blantyre udzadziyang'anira wekha, ndipo tsiku lina kuchipatala adzakuuza kuti mankhwala atha, kagule kufamase.

Mankhwala oipa alipo a mitundu iwiri. Ena ndi achinyengo: munthu wawapanga dala kuti afanane ndi enieni, koma m'kati muli ufa wamba, kapena mankhwala ena osiyana ndi olembedwa pa paketi. Ena anachokera ku fakitale yeniyeni koma sanafike pa muyezo, mwina mphamvu inachepa popanga, mwina inatha chifukwa anakhalitsa padzuwa kapena pachinyezi. M'chaka cha 2017 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linati m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, pa mankhwala 10 alionse amodzi amakhala a mitundu iwiriyi. Amene amapezeka kwambiri ndi a malungo ndi ophera tizilombo monga amokisilini, omwe ife timamwa kawirikawiri.

Tiye titenge LA, poti malungo sudzawathawa. Usagule usanayezetse magazi. Akakupeza nawo, munthu wa msinkhu wako, woposa makilogalamu 35, amamwa mapiritsi 24: anayi nthawi yomweyo, anayi pakatha maola 8, kenako anayi m'mawa ndi anayi madzulo kwa masiku awiri otsatira. Wogulitsa akakupatsa mapiritsi 12 n'kunena kuti akwana, funsa mphamvu yake. LA amene tinazolowera amalembedwa 20/120. Alipo wa mphamvu zambiri, 80/480, amene umamwa piritsi limodzi nthawi iliyonse, onse pamodzi 6. Wogulitsa amene sakutha kukufotokozera zimenezi, msiye ndi katundu wake.

Usanapereke ndalama, gwira bokosi m'manja. Pali zinthu zitatu zolembedwa m'Chingerezi: `Batch No.` kapena `Lot`, yomwe ndi nambala ya gulu limene mankhwalawo anapangidwira limodzi, `Mfg`, tsiku lopangidwa, ndi `Exp`, tsiku lothera mphamvu. Tsegula, utulutse kapepala konyezimira kamene mapiritsi amatsekeredwamo. Nambala ndi masiku a pamenepo ziyenera kufanana ndendende ndi za pa bokosi. Apa ndi pamene achinyengo ambiri amagwidwira, chifukwa bokosi amasindikiza kwina, kapepalako kwina. Yang'ananso ngati pa tsiku lothera mphamvu pamatidwa kapepala kena, kapena pakuoneka pofufutidwa. Dzina la fakitale ndi dziko lake zilembedwe bwino. Kampani yeniyeni silakwitsa kalembedwe ka dzina la mankhwala ake omwe. Kenako mapiritsi. LA ndi wachikasu, ndipo onse a m'kapepala kamodzi afanane mtundu ndi kukula. Ena akakhala otuwa, amawangamawanga, ofumbutuka ukangowakhudza, kapena thumba lina litabowoka, bweza.

N'chifukwa chake ndimadana ndi mapiritsi oyoola m'botolo lopanda dzina, okulungidwa m'kapepala ka nyuzi, ndi makapisozi a pa benchi la mumsika amene agona padzuwa kuyambira m'mawa. Palibe nambala, palibe tsiku, ndipo zikavuta ulibe poyambira. Wogulitsayo akakunong'oneza kuti "awa ndi a boma enieni", dziwa kuti ndi obedwa. Mankhwala a boma ndi aulere, ndipo amene akugulitsawo ndi omwe anakuuza kuchipatala kuti atha. Famase yovomerezeka imapachika chiphaso chake poonekera, ndipo imapereka lisiti. Tenga lisitiyo, ngakhale wagula za ndalama zochepa.

Koma ndisakunamize kuti maso amaona zonse. Achinyengo ena ndi akatswiri moti ngakhale ife a pa windo sitikanazindikira, ndipo piritsi lochepa mphamvu limaoneka chimodzimodzi ndi labwino. Zoterezi zimadziwika ku labotale basi. Iwe chokuthandiza ndi thupi lako. Ukamamwa LA weniweni mwa ndondomeko, pofika tsiku lachitatu kutentha kwa thupi kumakhala kutatsika ndipo chakudya chimayamba kulowa. Ngati wamaliza koma ukunjenjemerabe, kapena matenda akukulirakulira ngakhale pa tsiku lachiwiri, bwerera kuchipatala tsiku lomwelo. Kusanza chilichonse, kusokonezeka mutu, kukomoka, mkodzo wakuda: zimenezi siziyembekeza kuti kuche. Usagule paketi ina pamalo omwewo. Chenjeranso ndi mpumulo wa tsiku limodzi, chifukwa ena amaikamo panado kuti thupi lizizire pamene tizilombo tikuswana.

Usathamangirenso kunena kuti mankhwala ndi abodza. Adokotala adzakufunsa ngati unasanza utangomwa, ngati unadumphitsa nthawi, ngati unamwa uli ndi njala. LA amalowa bwino m'thupi ukamwera mkaka kapena chakudya cha mafuta, ngakhale phala la nsinjiro. Mwinanso chikukudwalitsa si malungo okha. Kachipangizo kobaya pachala kaja kamatha kuonetsabe malungo kwa milungu ingapo munthu atachira, choncho uwauze kuti wangomwa kumene LA, kuti ngati n'kotheka ayang'ane magazi pa makina oonera tizilombo. Zonsezi zikakanika kufotokoza, m'pamene chikaiko chimagwera pa paketi.

Paketiyo usataye, ngakhale mapiritsi atatha. Sunga bokosi, kapepala konyezimira, mapiritsi otsala ngati alipo, ndi lisiti. Jambula pa foni mbali zonse, nambala ija iwerengeke. Lemba dzina la sitolo, malo ake ndi tsiku limene unagula. Ukapita kukaonana ndi adokotala, nyamula zonsezi pamodzi ndi buku lako la kuchipatala, ndipo upemphe kuti alembemo. Ukatero pita kwa woyang'anira famase ya chipatala cha boma, umuonetse. Iwowa ali ndi mafomu olembapo mankhwala okaikitsa ndi ovulaza, ndipo amawatumiza ku bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA, limene likulu lake lili ku Lilongwe. Bungweli linalowa m'malo mwa bodi yakale ya mankhwala potsatira lamulo la 2019. Ndi limene limavomereza mankhwala, limapereka ziphaso kwa ogulitsa, limayeza mankhwala ku labotale, ndipo lingathe kulamula kuti gulu lonse la nambala ija lichotsedwe m'masitolo m'dziko muno. Ukhoza kulidziwitsanso wekha, osadzera mwa munthu. Ofesi ya zaumoyo ya m'boma nayo imalandira madandaulo otere. Za mankhwala a boma ogulitsidwa mumsika, kanene kupolisi. Kukakangana ndi wogulitsa n'kungomuchenjeza kuti abise katundu, komanso ndiwe mtsikana wokhala wekha.

Mwina ukuti paketi imodzi ingasinthe chiyani. Ku Gambia m'chaka cha 2022 ana pafupifupi 70 anamwalira impso zitasiya kugwira ntchito, atamwa mankhwala amadzi a chifuwa ndi chimfine ochokera ku fakitale ina ya ku India, momwe munali poizoni. Mabotolo ankaoneka abwinobwino. Anayamba kukaika ndi madokotala amene anaona ana ambiri akubwera atasiya kukodza, n'kuyamba kufunsa makolo chimene anawo anamwa. Mankhwalawo atayezedwa, WHO inachenjeza mayiko onse mu Okutobala chaka chomwecho. Anthu a m'maofesi sangayeze paketi imene sanaione, ndipo dandaulo lopanda nambala ya gulu limangokhala pa tebulo.

M'chikwama mwako ndaikamo panado wogula kufamase yathu ino, ndi neti yatsopano. LA sindinaikemo dala, kuti ukayambe wayezetsa. Ukadzagula mankhwala alionse, unditumizire chithunzi cha paketi usanamwe, ngakhale usiku. Magalasi anga atsopanowa amawerenga ndi timalemba ting'onoting'ono tomwe.

Ndine bambo ako.