Kusankha kiyi yoyenera mawu a woyimba

Kiyi ya nyimbo imasankhidwa potengera mmero wa woyimba, osati zala za woliza kiyibodi. M'makwaya a ku Petauke ndi ku Nyimba, kaya a Reformed Church in Zambia kapena a Katolika monga ku Minga, oyimba ambiri ndi alimi, aphunzitsi ndi amalonda omwe sanapiteko kusukulu ya nyimbo. Aphunzitsi akale a kwaya, amene ankaphunzitsa ndi do-re-mi popanda chida chilichonse, ankayamba amvetsera munthu akuyankhula, kenaka n'kumuyimbitsa, ndipo pokhapo ankapereka do.

Mmisiri wodziwa ntchito amayamba ndi kupeza malire a mawu. Woyimbayo amatsatira kiyibodi kutsika mpaka mawu atayamba kusasa, kenaka kukwera mpaka atayamba kuumiriza. Manoti a kumalire enieniwo sagwiritsidwa ntchito, chifukwa noti imene munthu waifikira kamodzi poyeserera imamuthawa akaima pamaso pa mpingo.

Povuta ndi poyika nyimbo pakati pa malirewo. Tinene kuti mayi wina amayimba momasuka kuchokera pa G wapansi pa C wapakati kufika pa C wapamwamba. Nyimbo yake ili mu G, ndipo imayenda kuchokera pa so wapansi kufika pa la, kutanthauza D mpaka E wapamwamba. E ameneyo wadutsa malire ake. Mu E♭ la amagwera pa C, pamalire penipeni, ndiye mayiyo amafika vesi yachitatu atatopa. Mu D nyimbo imayambira pa A n'kulekeza pa B, ndipo malo amatsala pansi ndi pamwamba pomwe. Makodi a G, C ndi D amasanduka D, G ndi A.

Kiyi ikakwera mopitirira, mitsempha ya m'khosi imatuluka, chibwano chimaloza kudenga, ndipo noti yaitali imatsetsereka pang'onopang'ono. Ikatsika mopitirira, mawu amamira m'ng'oma ndipo a kumbuyo samva kanthu. Kuyesa kumachitika pa nthawi imene nyimboyo idzayimbidwe, poti mawu a m'mawa m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi sakwera ngati a madzulo.

Ntchitoyi ikuwonongedwa ndi anyamata otchipa amene amadziwa kiyi imodzi yokha ndipo amakokera woyimba aliyense mmenemo. Batani la Transpose lilipo, ndipo kwa mayi uja lingangoikidwa pa -5, koma batani silimva mmero wa munthu. Eni ukwati nawo amadandaula za mtengo wa tsiku loyeserera, n'kumalamula kuti nyimbo imveke monga ya pa wailesi, kuiwala kuti amene anaijambula ali ndi mawu akeake. Woyimba akasasa mawu nyimbo isanathe, wolakwa ndi amene anapereka kiyi.