Madayisi Awiri, Njira 36

Aphunzitsi anzanga, pali funso limene limagwetsa ophunzira anga ambiri pamayeso oyesa kaganizidwe. Funsolo limati: mukaponya madayisi awiri n'kuphatikiza madontho, mwayi wopeza 7 ndi wotani? Ambiri amati, "Manambala alipo 11, kuyambira 2 mpaka 12, ndiye 1/11 basi." Msampha wagona pamenepa, chifukwa manambalawa sabwera mofanana.

Ine ndimawapatsa dayisi yofiira ndi yoyera. Iliyonse ili ndi mbali 6, choncho njira zonse ndi 6 × 6 = 36. Amaona okha kuti yofiira 2, yoyera 5 n'zosiyana ndi yofiira 5, yoyera 2. Njira zopezera 7 zilipo 6, ndiye mwayi wake ndi 6/36, kapena kuti 1/6, pamene 12 ili ndi njira imodzi yokha. Musathamangire kuwauza yankho. Ayambe alemba okha njira 36 zonsezo.