Kasitomala sakokedwa mkono

Ndimagulitsa tomato ndi anyezi pa Nathenje, m'mbali mwa msewu wa M1. Mu Januwale 2023, kolera itavuta mu Lilongwe, amayi a mzere wathu anandisankha kuti ndilembe kalata yopempha chopereka, poti ine ndinapondako kusekondale. Tinkafuna ndowa ziwiri za mpopi ndi sopo zoti tizisambira m'manja.

Koyambirira ndinafotokoza bwinobwino. Koma pomaliza, mantha atandigwira, ndinalemba kuti: "Aliyense apereke msanga. Tatopa nako kukumbutsa. Amene sapereka asadzalire matenda akalowa m'nyumba mwake."

Tinalipo 30. Patatha masiku atatu, opereka anali anayi basi. Mnzanga wina wochokera ku Nkhoma anasiya kundipatsa moni. Kani mlongo wake anali ali gone ndi matenda omwewo, ndipo mawu angawo anawamva ngati temberero.

Amayi ena achikulire ogulitsa usipa anandiitanira pambali. "Mwanawe, kasitomala ukamukoka mkono amagula?"

"Ayi, amayi, amathawa."

"Nanga umatani?"

"Ndimati tayandikirani, mulu ndi mwakuti, kuona n'kwaulere."

"Ndiye ife watikokeranji?"

Usiku ndinawerenganso kalatayo. Ndinapeza kuti mizere itatu yonse imakamba za kulakwa kwa owerenga, koma palibe umene umanena ndalama zingati, kwa ndani, pofika liti. Ndinawadzudzula asanakane n'komwe.

Nditakapepesa kwa mnzanga uja, ndinalembanso mathero okha: "Tikasonkha K500 aliyense, Lolemba ndowa zikhala zili pano. Ndizilandira pabenchi panga mpaka Loweruka madzulo. Ngati sabata ino malonda avuta, bwerani ndi kachidutswa ka sopo, nakonso tikufuna."

Pempho linali limodzi, mtengo wake woonekeratu ngati wa mulu wa tomato. Wosowa ndalama anali ndi khomo lolowera popanda manyazi. Komatu kufewa sikutanthauza kulankhula mozungulira. Ndikanangoti "amene angathe athandizeko," aliyense akanaganiza kuti ndikunena mnzake, ndipo pempho lopanda tsiku limadikira mpaka kalekale.

Lachisanu ndinakumbutsa kamodzi kokha, osati ndi funso loti mwaiwala kodi, koma ndi nkhani: "Ya ndowa imodzi yakwana, yatsala inayo." Pofika Loweruka anthu 23 anali atapereka. Mnzanga uja anabwera ndi sopo, n'kuika pabenchi osalankhula.

Tsopano ndikalemba chilichonse chopempha anthu, mzere womaliza ndimauwerenga mokweza ngati ndikuuza kasitomala amene waima patsogolo panga. Ngati sindingathe kuunena ndikumuyang'ana m'maso, ndimaufufuta. Nanunso mukadzafika pamzere womaliza, tadzauyesani choncho. Ndipo mukadzadutsa pa Nathenje, dzandiuzeni mmene zinayendera, basera ilipo.